Masekondi 15 a telala: lonjezo limodzi, mawu amodzi okumbukika

Mwezi wa Seputembala ukamatha, makina osokera salekeza kulira m'makonde a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23. Mayunifolomu a sukulu amakhala atangotha kumene, zinkhoswe ndi maukwati zili pachimake, ndipo Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, lili pafupi. Nyengo imeneyi ndi imene telala amapeza ndalama zoti zimuwolotse m'miyezi yowawa ya Januwale ndi Febuluwale. Koma matelala ndi ambiri, ndipo pamsewu umodzi atha kukhalapo asanu, onse osoka zofanana. Mwini chitenje akapanda kudziwa chosiyanitsa telala wina ndi mnzake, amangolowa pakhonde limene layandikira.

N'chifukwa chake ambiri ayamba kujambula makanema aafupi pafoni n'kumawaika pa sitetasi ya WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok. Kujambula sikovuta. Chovuta ndi kusankha chimene chinenedwe, pakuti woonera ali ndi chala pafoni ndipo sachedwa kupitirira. Kanema wa masekondi 15 amanyamula zinthu ziwiri zokha: lonjezo limodzi ndi mawu amodzi oti atsale m'mutu. Ntchito yonse ya wolemba ili pa kupeza ziwirizi ndi kuchotsa zina zonse.

Chifukwa chake masekondi 15

Muyeso umenewu sunayambire m'makonde. Instagram itayamba kulola makanema mu 2013 inaika malire a masekondi 15, ndipo TikTok nayonso inatchuka ndi makanema autali womwewo. Lero malirewo anawonjezeredwa, koma chizolowezi cha woonera sichinasinthe. Pa YouTube, malonda ambiri amalola munthu kuwadumpha pakangotha masekondi 5, kutanthauza kuti chiyambi ndi chimene chimagamula ngati zotsalazo zionedwe.

Pali chifukwa china cha kuno kwathu. Kanema wamfupi sadya bandulo yambiri, choncho mayi wa m'gulu la banki m'khonde sazengereza kumutsegula kapena kumutumiza kwa anzake a kumpingo. Kanema wa mphindi ziwiri amangodutsidwa ndi mawu akuti adzaonedwa bandulo ikapezeka, ndipo tsikulo silifika.

Kuwerenga maphatikizo, osati mawu

Olemba malonda a m'Chingerezi amawerengera kuti masekondi 15 amakwana mawu pakati pa 35 ndi 40. Woitenga nambala imeneyi n'kuigwiritsa ntchito pa Chichewa amagwa nayo, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi lakuti "takulandirani" lili ndi maphatikizo 6, ndipo lakuti "mayunifolomu" lilinso ndi 6. Choncho choyenera kuwerenga ndi maphatikizo.

Munthu woyankhula momveka, mosathamanga, amatchula maphatikizo pafupifupi 5 pa sekondi. Pa masekondi 15, awiri ayenera kutsala opanda mawu, kuti woyankhula apume ndiponso kuti nambala ya foni ionekere bwino kumapeto. Otsala 13 amakwana maphatikizo 65 kapena kucheperapo, amene ndi mawu a Chichewa ongopitirira 20 pang'ono. Muyesowu ndi woyambira chabe. Woweruza weniweni ndi wotchi ya pafoni: wolemba awerenge mokweza katatu ndipo atenge nthawi yaitali mwa zitatuzo.

Zolemba zoyamba za matelala ambiri zimamveka chonchi: "Takulandirani kushopu yathu. Timasoka madiresi, masuti, mayunifolomu, makatani ndi zovala zaukwati pamitengo yotsika. Tilinso ndi nsalu zamakono. Bwerani nonse mudzaone nokha."

Mawuwa ndi 21, maphatikizo ndi 68. Nthawi yatha kale, koma shopuyo sinatchulidwe dzina, ndipo woonera sakudziwa ngati ili ku Mgona kapena ku Biwi. Choipa kwambiri n'chakuti telala aliyense wa mu Lilongwe atha kunena mawu omwewo popanda kusintha ngakhale limodzi. Malonje adya masekondi awiri oyambirira, amene ndi amtengo wapatali kuposa ena onse. Mndandanda wa zovala zisanu sukusiya chovala chilichonse m'maganizo. Ndipo "mitengo yotsika" si lonjezo, pakuti palibe amene angabwere kudzati telala waphwanya mawu ake.

Lonjezo ndi chiyani

Mu 1961, katswiri wa malonda wa ku America, Rosser Reeves, anasindikiza buku lotchedwa Reality in Advertising. Mfundo yake yaikulu inali yakuti munthu amakumbukira chinthu chimodzi kuchokera m'malonda amodzi, ndipo chinthucho chiyenera kukhala chimene opikisana nawo sakuchipereka kapena sakuchinena. Mfundoyi inalembedwera makampani akuluakulu a pa kanema, koma imagwira ntchito chimodzimodzi pakhonde la makina awiri.

Lonjezo lenileni lili ndi zizindikiro zitatu. Limatchula chovala chimodzi. Lili ndi nambala, kaya ya ndalama kapena ya masiku. Ndipo likaphwanyidwa, kasitomala amadziwa kuti laphwanyidwa. Mawu akuti "timasoka bwino" alibe chizindikiro n'chimodzi chomwe. Mawu akuti "diresi la chitenje m'masiku atatu" ali nazo zonse.

Telala ali ndi malonjezo amitundu itatu oti asankhepo: mtengo, mphatso kapena nthawi. Lonjezo la mtengo ndi losavuta kumva, koma limakalamba msanga. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ulusi, mazipi ndi nsalu zamkati inasintha, pomwe makanema akale anali akuzungulirabe m'mafoni a anthu. Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, koma kanema amene wina wamusunga ndi kumutumiza m'gulu safufutika. Choncho wotchula mtengo ayenera kulemba tsiku limene mtengowo udzathe. Komanso telala sangapikisane ndi kaunjika wa ku msika wa Tsoka pa nkhani ya kutchipa.

Lonjezo la mphatso, monga duku laulere la nsalu yotsala, ndi labwino koma mnansi atha kulitengera mawa lomwelo. Lonjezo la nthawi ndi limene limakhudza bala lenileni. Dandaulo lodziwika pa matelala silikhala la msoko wokhota. Limakhala la mayi amene wayenda ulendo wachitatu kuchokera ku Chinsapo, walipira minibasi katatu, n'kupeza chitenje chake chili chipindire pamwamba pa mulu, nauzidwa kuti abwere mawa.

Chitsanzo cha ku Kawale

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina ali ndi shopu ku Kawale, pafupi ndi bwalo la Masintha. Ali ndi makina awiri, amodzi amagetsi ndi ena opondera, ndipo amasoka ndi wantchito mmodzi. Wasankha lonjezo la nthawi. Zolemba zake zagawidwa m'zigawo zinayi, chilichonse ndi chithunzi chake.

Kuyambira sekondi 0 mpaka 3, chithunzi ndi chitenje chosadula chikutulutsidwa m'jumbo. Mawu ndi akuti: "Chinkhoswe Loweruka, chitenje chosasoka?" Awa ndi maphatikizo 14. Palibe malonje. Funsoli limasankha lokha womvera: amene ali ndi mwambo sabata imeneyo amaimitsa chala, amene alibe amapitirira, ndipo zimenezo sizolakwika chifukwa kanemayu sanalembedwere aliyense.

Kuyambira sekondi 3 mpaka 8, pakuoneka tepi yoyezera paphewa, kenako chitenje chomwe chija chili pansi pa singano. Mawu ndi akuti: "Diresi la chitenje m'masiku atatu. Tikachedwa, mulipira theka." Awa ndi maphatikizo 24. Chiganizo chachiwiri si lonjezo lina, koma chikole cha loyamba. Popanda icho, masiku atatu ndi mawu amene makasitomala anawamva kale kwa matelala ena.

Kuyambira sekondi 8 mpaka 11, munthu wavala diresi lija ndipo akutembenuka kamodzi kutsogolo kwa shopu, chikwangwani chikuoneka kumbuyo kwake. Apa patchulidwa dzina la shopu, kenako: "Ku Kawale, pafupi ndi Masintha." Malowo ndi maphatikizo 11, ndipo dzina likhoza kutenga 5. M'makwalala a m'matauni athu munthu salondola nambala ya nyumba, amalondola chizindikiro chimene kondakitala wa minibasi kapena wa kabaza akuchidziwa. Telala wa ku Area 25 atchula msika wa Nsungwi ngati ali pafupi nawo, ndipo wa ku Biwi atchula Biwi Triangle.

Kuyambira sekondi 11 mpaka 15, mwini shopu wayang'ana kamera, diresi lili padzanja, nati: "Kuno kulibe 'bwerani mawa'." Awa ndi maphatikizo 10, otenga masekondi awiri. Awiri otsalawo ndi a chete, nambala ya foni ili pagalasi.

Popanda dzina la shopu, mawu onse ndi 21, chimodzimodzi ndi zolemba zoyamba zija, koma maphatikizo ndi 59. Kuphatikiza dzina akukwana 64. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano woonera akudziwa chovala, masiku, chikole, malo ndi dzina.

Nambala ya foni siitchulidwa pakamwa mwadala. Nambala za m'manja kuno zili ndi manambala 10, ndipo kuwatchula momveka kumadya masekondi anayi kapena asanu, pomwe palibe amene angawasunge m'mutu atamva kamodzi. Ilembedwe ndi zilembo zazikulu, ikhale pagalasi kuyambira sekondi 8 mpaka kumapeto, kuti wofuna aimitse kanema ndi kuikopera.

Mmene mawu okumbukika amapezekera

Mawu akuti "Kuno kulibe 'bwerani mawa'" sanapekedwe patebulo. Theka lake linatengedwa m'kamwa mwa makasitomala, amene akhala akuuzidwa zimenezo zaka zambiri. Apa ndi pamene wolemba ayenera kuyambira: kumvetsera zimene anthu amanena akakwiya ndi telala kapena akamuyamikira, n'kuzilemba m'kope mmene zanenedwera. Mawu amene munthu akuwadziwa kale safuna kuloweza.

Pali zoyesera zinayi. Choyamba, mawuwo atuluke ndi mpweya umodzi, osapitirira maphatikizo 10 kapena 12. Chachiwiri, akhale ndi kamvekedwe kothandiza khutu. M'chitsanzochi "kuno" ndi "kulibe" akuyamba mofanana, ndipo chiganizocho chikuduka pakati m'zigawo ziwiri za maphatikizo asanu asanu. Chachitatu, anene lonjezo lomwe lija m'njira ina. Shopu yolonjeza masiku atatu ikamaliza ndi mawu otamanda kukongola kwa amayi, woonera wapatsidwa nkhani ziwiri ndipo aiwala zonse. Chachinayi, mawuwo asamukwane mnansi. Telala wochedwetsa zovala sangayerekeze kunena kuti kwake kulibe "bwerani mawa", chifukwa makasitomala ake amuseka.

Ambiri amathamangira ku miyambi. Mwambi ndi wokoma, koma ndi wa aliyense, ndipo womva amakumbukira mwambiwo n'kuiwala shopu. Ena amathamangira ku nthabwala yonyoza matelala anzawo kapena thupi la kasitomala. Anthu amaseka n'kutumiza kanemayo, koma mayi wonenepa amene anali ndi chitenje m'chikwama amapita kwina.

Mawu akapezeka, asasinthidwe. Lonjezo likhoza kusintha ndi nyengo, yunifolomu mu Ogasiti, diresi mu Okutobala, suti ya mwana mu Disembala, koma mawu otsekera akhale omwewo m'kanema aliyense, pachikwangwani ndi pa risiti. Mwini shopu amatopa nawo msanga chifukwa amawamva tsiku ndi tsiku, pomwe wodutsa pamsewu wangowamva kawiri.

Masamu asanayambe kujambula

Kanema wolembedwa bwino atha kugwetsa shopu ngati lonjezo silinawerengeredwe. Mayi wa ku Kawale uja, pamodzi ndi wantchito wake, amamaliza madiresi 4 patsiku. Awiri mwa amenewo ndi a makasitomala akale, choncho malo a anthu atsopano ndi madiresi awiri patsiku, kapena 6 m'masiku atatu. Kanema akayenda bwino, amayi 20 atha kufika Lolemba limodzi. Akalandira zitenje zonse, madiresi 14 achedwa. Ngati kusoketsa diresi ndi K20,000, mwachitsanzo, theka lake ndi K10,000, ndipo wataya K140,000 sabata imodzi. Choposa ndalamazo, mawu ake otsekera asanduka chitonzo m'dera lonse.

Njira yake ndi kuika malire poyera. Pansi pa lonjezo palembedwe kuti shopu imalandira madiresi awiri patsiku, ndipo wachitatu apatsidwe tsiku lake loyambira asanasiye chitenje. Masiku atatu ayambe kuwerengedwa pamene kasitomala wayezedwa ndipo wapereka ndalama yoyambira, kaya pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo tsiku lotengera lilembedwe pa risiti. Lonjezo likhale la diresi lachizolowezi, osati laukwati lokhala ndi mikanda. Makina opondera ndi simbi yamakala ndi zimene zimateteza lonjezolo magetsi akathima. Telala amene ali ndi makina amagetsi okha angachite bwino kulonjeza masiku asanu.

Malirewa si ulemu chabe. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa malonda osocheretsa anthu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a mtundu umenewu. Choncho malire alembedwe ndi zilembo zowerengeka pafoni yaing'ono, osati zobisika m'ngodya.

Zimene zimaononga pojambula

Foni iime choimirira pojambula, pakuti umu ndi mmene anthu amaigwirira poonera sitetasi. Mawu ofunika alembedwenso pagalasi, chifukwa ambiri amaonera ali m'minibasi kapena kuntchito, foni ili yotseka mawu. Zolembazo zikhale chapakati, popeza m'mwamba ndi m'munsi mumaphimbidwa ndi dzina la wotumiza ndi mabatani. Munthu woonera mopanda mawu ayenera kupeza zinthu zinayi: masiku atatu, theka, Kawale ndi nambala.

Kuwala kwabwino ndi kwa pakhonde m'mawa, wojambula atapereka msana kudzuwa. M'kati mwa shopu mitundu ya chitenje imazilala. Mawu ajambulidwe padera, m'chipinda chotseka, makina ataima, chigayo ndi wailesi ya mnansi zisanayambe. Phokoso la makina ndi lokoma likamamveka pansipansi m'chigawo chachiwiri, koma likapikisana ndi woyankhula limameza nambala ya masiku.

Zolakwa ziwiri zimachitika kawirikawiri. Choyamba ndi kuika zithunzi za madiresi otengedwa pa intaneti, osokedwa ku Lagos kapena ku Accra. Kasitomala amabwera akufuna diresi limenelo, ndipo mkangano umayamba tsiku lotenga. Chitenje choonetsedwa m'sekondi yoyamba chikhale chomwecho chimene chavalidwa kumapeto, chifukwa umenewo ndiye umboni wa manja a telala. Wovalayo akhale atavomera kuonekera, ndipo ngati ndi mwana wovala yunifolomu, avomere ndi makolo.

Chachiwiri ndi kuika nyimbo ya woimba wotchuka. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza umwiniwo. Facebook nayonso imatha kuzimitsa mawu a kanema ikazindikira nyimbo ya eni. Komanso nyimbo yokhala ndi mawu imalimbana ndi mawu otsekera, ndipo khutu limasankha nyimbo.

Mmene zimadziwikira ngati kanema wagwira

Asanatumizidwe, kanema aonetsedwe kamodzi kokha kwa anthu atatu osadziwa shopuyo, pa sipika ya foni, pamalo a phokoso. Mawa lake afunsidwe mafunso atatu: shopu ija inalonjeza chiyani, ili kuti, ndipo inamaliza ndi mawu otani. Woyankha kuti "imasoka zovala" wasonyeza kuti lonjezo silinamveke. Wokumbukira mawu otsekera koma osadziwa dera wasonyeza kuti chigawo chachitatu chafupika kapena chikwangwani sichikuoneka.

Potumiza, telala akumbukire kuti sitetasi ya WhatsApp imaonedwa ndi okhawo amene anasungirana naye nambala, amene ambiri ndi makasitomala akale ndi abale. Anthu atsopano amafikiridwa makasitomalawo akamuika kanemayo pa sitetasi zawo, kapena akalowa m'magulu a m'dera. Nambala ya oonera imasangalatsa, koma siigula ulusi. Chofunika ndi kope la pashopu, mmene aliyense wobwera afunsidwe kuti anamva bwanji za shopuyo, yankho lake n'kulembedwa pambali pa miyeso yake.

Pakatha sabata ziwiri kopelo limaloza pamene pali vuto. Ngati oonera ndi ambiri koma oimba foni palibe, lonjezo silikukhudza vuto la anthu a m'deralo. Ngati oimba ndi ambiri koma onse akufunsa mtengo n'kudula, mtengo uyenera kulembedwa pagalasi pamodzi ndi tsiku lake lothera. Ngati akuimba kufunsa njira, chizindikiro cha malo chisinthidwe. Chisinthidwe chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chimene chathandiza chidziwike.

Chizindikiro chomaliza sichilembedwa m'kope. Ndi tsiku limene kasitomala watsopano, akupereka chitenje chake, afunsa yekha asanauzidwe kuti: "Mayi, pajatu munati kuno kulibe 'bwerani mawa'?" Pamenepo zolemba zija zamaliza ntchito yake, ndipo yotsala ndi ya makina, kuti diresi likhale litapachikidwa pofika tsiku lolembedwa pa risiti.